Mipando ya Galimoto Pabalaza Panga

Mlendo akalowa m'nyumba mwanga muno m'komboni ya George, maso ake amayamba agwera pa mipando iwiri imene ili pafupi ndi zenera. Wina ndi wautali, wokhalapo anthu atatu. Wina ndi wa munthu mmodzi, uli ndi potsamira mutu. Yonse ndi ya m'galimoto. Ena amaseka, amati ndine mayi wosataya kanthu. Ndimaseka nawo kuti nkhani ithe, koma mipando imeneyi sindiikonda, ndipo waung'onowo sindilola munthu kukhalapo.

Ine ndimagulitsa mazira. M'mamawa ndimapita kumafamu a kunjira ya ku Mumbwa, ndimapakira mathileyi a mazira, kenako ndimayenda ndikutsitsa m'timagolosale ta m'mbali mwa njira, timene kuno timati tuntemba, kuyambira muno mu George, kudutsa Matero, mpaka ku Chunga. Malonda amenewa ali ndi lamulo limodzi lokha, m'mawa. Mwini kantemba akatsegula n'kupeza alibe mazira, tsiku loyamba amakudikira. Lachiwiri amakuimbira foni mawu atakwera. Lachitatu umakapeza mathileyi a munthu wina ali pashelefu, ndipo munthu ameneyo sumuchotsanso. Ana anga anaphunzira ndi m'mawa umenewu. Wolanda m'mawa wanga walanda mbale yanga.

Poyamba ine ndi amuna anga tinkayenda pa minibasi, tikatsika n'kukankha wilibala. Kondakitala sadziwa kuti dzira ndi chiyani. Amaponya thumba la makala pamwamba pa mathileyi ako, ukadandaula amati ugule yako. Mazira osweka tinkadya tokha, mpaka ana anafika pothawa fungo lake. Kampani imene amuna anga ankagwirako ntchito yosunga katundu itatsekedwa, inawapatsa kangachepe kokwanira galimoto imodzi yogwirapo kale ntchito. Pamenepo ndi pamene mkangano unalowa m'nyumba, ndipo unakhalamo mwezi wathunthu.

Iwo ankafuna vaneti, ija ya bodi kumbuyo. Ine ndinkafuna kagalimoto kakang'ono, kaja kotsegula chitseko kumbuyo.

"Imwe bamake bana, mwamuna ayenda na vaneti," ankatero. "Ako kamotoka ni ka manesi na maticha. Mvula ikabwela mu George muzakanyamula pa mutu? Vaneti ni yaitali, ipita mu manzi. Masana tingaziyenda nayo ku maganyu."

"Mazila si mabuloko, batate bake," ndinkawayankha. "Vaneti ikankala ilibe katundu yolema imajumpa. Tizafika na phala."

Sindinkanama. Masipuling'i a vaneti ndi zitsulo zosanjikiza, anawapangira katundu wolemera. Ukaikamo mathileyi okha, kumbuyo kumadumpha pa kamwala kalikonse. Bodi ili pamtetete, dzuwa limawotcha mazira, mvula imanyowetsa mathileyi a mapepala n'kuwafewetsa, ndipo ukaima pamzere wa magalimoto anyamata a manja ataliatali amatolako thileyi iwe ukuyang'ana kutsogolo. Kuti uikepo chotsekera pamwamba ndiye ndalama zinanso. Matayala ake ndi okwera mtengo, mafuta imamwa ambiri, ndipo tinjira tina ta m'komboni n'topanikiza moti vaneti imangoima pakona iwe n'kusenza katundu. Zonsezi ndinaziyala bwinobwino pamaso pa amuna anga. Chifukwa chenicheni ndinachisunga kukhosi.

Chifukwa chenichenicho chinali bambo anga. Iwo anali mwana wa munthu wa ku Malawi amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu n'kutchona. Tinkakhala ku Matero, ndipo bambo anali ndi vaneti yonyamulira tomato ndi kabichi za amayi a kumsika. Pamzere wathu wonse galimoto inali imeneyo yokha. Munthu akamwalira, anthu asanayambe n'kulira komwe, wina anali atagogoda kale pakhomo pathu. Nkhuni za pamaliro, vaneti. Bokosi, vaneti. Kukatenga thupi kumochale, vaneti. Kumanda inkapita itadzaza anthu mpaka kumbuyo kukhudza pansi. Maliro amaikidwa m'mawa, nthawi yomweyo imene amayi a kumsika ankadikira tomato wawo. Bambo anali mkulu wa mpingo, mawu oti iyayi analibe. Ankangoti maliro n'kulirana.

Amayi a kumsika anapeza wina wowanyamulira. Vaneti inatha pang'onopang'ono mpaka inakwera pamiyala, nkhuku n'kuyamba kuikiramo. Ine ndinasiya sukulu chaka chimenecho. Anthu onse amene inawanyamulira abale awo ankadutsa n'kumati, "Koma motoka iyi inasebenza." Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera ndi tayala. Ndinakula ndi mkwiyo umenewo, ndipo ndinalumbira kuti ine sindidzakhala ndi galimoto yolowa bokosi la maliro.

Amuna anga anagonja, monga ankachitira nthawi zambiri. Anali munthu wofatsa, wosakonda phokoso, pomwe ine Mulungu anandipatsa pakamwa. Komanso laisensi inali yanga, chifukwa bambo anandiphunzitsa kuyendetsa pa vaneti yomwe ija. Iwo ankati adzatenga yawo mwezi wamawa, ndipo mwezi wamawawo sunafike. Tinagula kagalimoto kotuwa, ka injini yaing'ono. Tsiku lomwelo ndinaitana makaniko kuti amasule mpando wakumbuyo. Pansi ndinayalapo thabwa, pamwamba pake matiresi opyapyala. Mathileyi ndinkawamanga asanuasanu ndi chingwe, lopanda kanthu pamwamba, n'kuwathinitsa kuti asasunthe. Ankalowa oposa makumi asanu ndi atatu. Mpando uja unalowa pabalaza. Galimoto inatsala ndi malo a anthu awiri, ine ndi amuna anga, basi.

Zaka zimenezo zinali zabwino, ndisaname. Ine pachiwongolero, iwo pambali panga, thaulo paphewa. Ntchito yawo inali kutsika ndi mathileyi ndi kundichenjeza za maenje. "Mugodi ku lefuti," ankatero, ngakhale ndauona kale. Za mvula ananena zoona. Dzinja loyamba ndinagunditsa pansi pa injini pa mwala wobisala m'matope, oilo yense n'kutayika, galimoto inakagona kwa owotcherera masiku awiri. Ndinaphunzira kuti madzi akapitirira theka la tayala usalowemo, chifukwa injini ikawakoka kudzera kolowera mpweya ndiye yatha. Tikafika pachithaphwi amuna anga ankavula nsapato, kupinda buluku, n'kuyenda patsogolo kuyesa kuya kwake. Anthu a m'tuntemba ankawaseka kuti akuweta galimoto. Iwo ankatembenuka n'kundiuza kuti, "Vaneti sembe yapita kudala." Walira mvula walira matope, ndinkatero mumtima.

Chaka chomwecho aneba athu a kutsidya kwa njira anagula vaneti. Bamboyo ankaumba mabuloko n'kumaperekera anthu omanga. Mkazi wake ndi amene ankatsogolera amayi a mpingo wathu m'dera lino, mayi wamtali, wolankhula motsitsa mawu, woti akakupempha chinthu umamva ngati wakulamula. Sipanathe mwezi, vaneti yawo inali itapita kale kumanda kawiri.

Kwa ine mayiyo anabwera tsiku lina m'mawa ndikutuluka.

"Ba neba, kuli bakulu batatu sibangakwanise kukwela pa vaneti. Mungabapeleke ku manda?"

Ndinatsegula chitseko chakumbuyo n'kuwaonetsa matiresi.

"Onani mweka, ba mai. Ilibe mipando."

Anasuzumira, anagwedeza mutu, n'kubwerera. Ndinanyamuka mtima uli mbee. Musaganize kuti ndinali munthu wothawa maliro. Ndinkapereka thileyi la mazira pa nyumba iliyonse ya maliro, ndinkagonako, ndinkaphika nawo, masana ndinkanyamula ufa ndi kabichi ngati andituma. Koma m'mawa unali wanga. Kumanda ndinkafika mochedwa, nthawi zina anthu akuyala kale nkhata. Mawu aja oti ilibe mipando ananditchinjiriza zaka zisanu ndi ziwiri.

Akanakhala mawu okhawo, mwina anthu akanandisiya. Chinandipweteka ndi pakamwa panga. Tsiku lina tinali kuphikira ukwati, amayi okhaokha kuseri kwa nyumba, nkhani zili m'kamwam'kamwa. Wina anati vaneti ya aneba yasanduka ya komboni yonse. Wina anandiloza ndi chipande n'kunena kuti ochenjera ndi awa. Ine kumva kutamidwa, mutu unakula.

"Ninagulila dala kang'ono," ndinatero. "Nifuna nione bokosi yamene izangena muja. Ine motoka yanga ni ya bamoyo."

Anaseka onse, ine ndinaseka koposa. Mkazi wa aneba anali kumoto wina, koma mawu otere sasowa womunyamulira. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Mayiyo sanandifunse kanthu. Moni ankandipatsa monga kale. Kungoti kuyambira pamenepo sanandipemphenso chilichonse, ngakhale kunyamula ufa masana.

Amuna anga anazimva kwa azibambo anzawo. Anabwera kunyumba nkhope itagwa.

"Vamene munakamba vija, bamake bana, ni vazoona? Ndiye chifukwa munakana vaneti?"

"Bana badya olo sibadya?" ndinawafunsa.

Kuyambira tsiku limenelo, maliro akachitika, amuna anga ankatsika m'galimoto tikangotha Matero, n'kundisiya ndimalize ndekha ku Chunga. Ankapita kukawaza nkhuni, kukakhoma tenti, kukanyamula bokosi paphewa, ngakhale maliro a munthu amene sankamudziwa dzina. Munthu wa vuto la kuthamanga kwa magazi, dzuwa lili pamutu, nkhwangwa m'manja. Ndinkawakalipira kuti adzadzipha. Ankangoti, "Nyumba iliyonse ifunika ichoseko chinthu." Ankalipira ndi msana wawo chimene ine ndinakana kupereka ndi galimoto, ndipo zinkandikwiyitsa chifukwa ndinkadziwa.

Vaneti ya aneba ndinkaiona ikutha, chifukwa matenda ake ndinawadziwira kwathu. Kumbuyo kunayamba kutsika ngakhale ilibe katundu. Ikamanyamuka itadzaza anthu, injini inkalira kwambiri koma galimoto ikuyenda ngati yatopa, fungo la kilatchi yopserera lili tolo. Mabuloko ankachedwa kufika kwa omanga, ena anayamba kugula kwina. Ndinkaima pageti n'kumauza amuna anga kuti onani, mukanakhala inu. Mumtima ndinkamva kukoma, Mulungu andikhululukire. Palibe chokoma ngati kuona kuti unalondola.

Amuna anga anagwa Lachiwiri m'mawa, thileyi lili m'manja, pakhomo pa kantemba ka ku Matero. Ndinawakweza pampando wawo, ndinathamangira kuchipatala mazira akuswekera kumbuyo. Sanalankhulenso. Lachitatu masana anatisiya.

Anthu anabwera ambiri, kuposa amene ndinkayembekezera. Sindidzinamiza, anabwerera iwo, osati ine. Katundu wa pabalaza anamutulutsa panja monga mwa mwambo, ndipo mpando wautali uja unakaikidwa mutenti, azibambo n'kumakhalapo. Ine anandikhazika pamatiresi pakona, chitenje kumutu, amayi atandizungulira. Ndili pamenepo ndinkamva vaneti ya aneba ikubwera n'kubwerera. Inabweretsa nkhuni, tenti, mabenchi a kutchalitchi, matumba a ufa, migolo ya madzi. Inakatenga abale a amuna anga kusiteshoni ya mabasi maulendo atatu. Palibe amene anaipempha, ndipo mwini wake sanafunse za mafuta. Nthawi iliyonse ikanyamuka ndinkamva kulira kuja kwa injini, ndipo ndinkadziwa tanthauzo lake kuposa aliyense m'nyumbamo.

Loweruka linali tsiku loika. Dongosolo linali loti vaneti ikatenge bokosi kwa kalipentala pafupi ndi chipatala, ipite kumochale kumene azibambo a pabanja anali akusambitsa kale thupi, kenako kutchalitchi, kenako kumanda a kufupi ndi Chunga. Anthu ena onse anali oti akwere maminibasi awiri amene tinachita hayala. Cha m'ma seveni ndinamva vaneti ikulizidwa pageti panga. Giya inalowa. Injini inakuwa, inakuwanso, koma phokoso silinachoke pamalo. Fungo lija linalowa mpaka m'nyumba. Kenako ndinamva azibambo akuwerengera kuti akankhe.

Alamu anga, mkulu wawo wa amuna anga, analowa n'kugwada pafupi nane.

"Mulamu, kilachi yasila. Vaneti siyenda."

Anayesa zonse, ndisawanamizire. Oyendetsa maminibasi anakana kwamtuwagalu. Anati bwana wawo akamva kuti munalowa bokosi awachotsa ntchito, ndipo anthu a ku Matero sangakwerenso. Anaimbira a magalimoto a maliro, koma Loweruka ndi tsiku limene aliyense amaika. Wina anati akhoza kubwera cha m'ma thuu. Abusa anali ndi mwambo wina masana, manda anali atakumbidwa kale, mitambo ikusonkhana, ndipo amuna anga anali atagona patebulo la kumochale atavala suti, akudikira.

Kenako mkazi wa aneba, amene anali atakhala pambali panga masiku atatu onse, akundimwetsa madzi ndi kundigwira ndikamalira, analankhula. Sanakweze mawu. Sanayang'ane ine, anayang'ana pansi.

"Motoka imozi, komboni yonse. Sembe zinali zibili, sembe zenze kupumulisana. Manje tizachita bwanji, yamene yasala ni ya bamoyo."

Mawu anga omwe, atasungidwa bwino zaka zonsezi, anandibwezera pa tsiku limene sindikanatha kuyankha. Amayi ena anaweramitsa mitu. Namfedwa sayenera kuimirira yekha, sayenera kulankhula mokweza, amayenda atagwiridwa mbali zonse. Ine ndinaponya chitenje chakumutu pansi, ndinadumpha miyendo ya anthu, n'kutuluka panja.

"Ba mulamu, pezani sipanala fotini. Chosani mupando wa kusogolo."

"Mulamu, imwe simungayendese. Bantu bazakamba chani?"

"Bakambe. Bamuna banga sibazagona pa thebulo mpaka masana."

Amene anabweretsa sipanala anali aneba eni vaneti, manja ali bii. Anagwada m'matope, anamasula mabawuti anayi, anasolola kawaya ka pansi pa mpando, n'kuunyamula kukauika mutenti pafupi ndi unzake. Sanandiyang'ane kumaso, inenso sindinawayang'ane. Panali azibambo odziwa kuyendetsa amene anapempha makiyi. Ndinawakaniza onse.

Bokosi azibambo analisenza kuchokera kwa kalipentala, ndipo kumochale anatuluka nalo asanu ndi mmodzi, amuna anga ali m'kati. Ndinatsegula chitseko chakumbuyo. Analilowetsa kumiyendo kuli kutsogolo, likutsetsereka pamatiresi a mazira, mpaka linakagunda pansi pa dashibodi, pamene amuna anga ankaponda. Kumbuyo linatsala pang'ono, chitseko sichinatseke, ndipo ndinachimanga ndi chingwe chomangira mathileyi. Wina mwa azibambowo ananena chapansipansi, modabwa, kuti, "Ah, yangena." Ndinamumva, koma tsiku limenelo sindinaganizire kuti mawu amenewo adzandidya.

Malo a munthu wina munalibe. Alamu anakwera minibasi, ine ndinatsala ndi amuna anga awiriwiri monga masiku onse. Ndinayendetsa mmene ndimayendetsera mazira, pang'onopang'ono, phazi lili pafupi ndi buleki. Thabwa la bokosi linkandikhudza chigongono. Padashibodi panayaka kanyali kofiira chifukwa cha kawaya kaja, ndipo mpaka lero sikanazime. Njira ya ku Chunga ndimaidziwa dzenje lililonse, koma titadutsa Matero misozi inanditseka m'maso, tayala linagwera, bokosi linagunda. Panalibe wondiuza kuti mugodi ku lefuti. Ndinaima pambali pa msewu, maminibasi anaima kumbuyo kwanga, nyimbo ikupitirira. Ndinawapepesa amuna anga mokweza, ngati akumva. Ndinawauzanso kuti vaneti ankaifuna ija ikanawanyamula bwino, atagona motakasuka, abale awo atawazungulira.

Kumanda wolankhula m'malo mwa mpingo anayamikira mphamvu za mayi wamasiye. Anthu anang'ung'udza movomereza. Ine ndinkangofuna nthaka inditsegukire.

Abale ankafuna ndikhale m'nyumba mwezi wathunthu. Ndinakhala masabata awiri, n'kuwauza kuti chisoni sichiphika ndiwo. Galimoto ndinaitsuka ndi sopo ndi mankhwala, matiresi ndinawotcha n'kugula ena. Nditabwerera m'njira zanga ndinapeza tuntemba tina tili kale ndi mathileyi a anthu ena. Eni ake anandipepesa za maliro mwaulemu wonse, mazira osatenga. Amayi awiri ophika zitumbuwa anandiuza poyera kuti sangagule chakudya chotsika m'galimoto imene inanyamula mtembo. Mmodzi wa iwo anali kumanda tsiku lija, akuimba nawo. Ena anakhalabe nane, ndipo ndinati ndiyambira pomwepo.

Mpando wa amuna anga sindinaubwezeremo. Ndinayesa tsiku lina, ndinaunyamula mpaka pageti, koma kuganiza zoyenda m'mawa uliwonse ndi mpando wopanda munthu pambali panga kunandifooketsa. Ndinaubweza pabalaza. Ndinadzitonthoza kuti malowo alowa mathileyi ena makumi awiri.

Vaneti ya aneba inakankhidwira pabwalo pawo, ndipo ili pomwepo mpaka lero. Poyamba ankati akusonkhanitsa za kilatchi. Kenako batire inagulitsidwa, kenako matayala, kenako inakwera pamiyala. Anthu amadutsa n'kumati inasebenza. Ndinalondola pa chilichonse chimene ndinanena, ndipo kulondolako sikunandipatse kanthu.

Patatha mwezi ndi theka chiikireni amuna anga, ndinachokera kufamu m'mawa galimoto itadzaza mpaka kudenga. Ndinadutsira kunyumba kuti nditenge foni imene ndinaiwala. Pageti ndinapeza mkazi wa aneba ataima, atavala yunifolomu ya amayi a mpingo, manja atapinda pamimba.

"Mwauka bwanji, ba neba?"

"Bwino, ba mai. Nili mu changu."

"Niziba. Ni baja bakulu ba kumbuyo kwa chigayo, batisiya dzulo. Baja benze kusonkha moto pa malilo yanu masiku yonse yatatu." Anasuzumira pazenera la galimoto, kumene kunali mpando wa amuna anga. "Mupando simunabwezemo? Ni bwino. Bokosi imangena, tinaona tonse. Bafunika ku mochale na eiti."

Ndinafunafuna mawu anga akale. Ilibe mipando. Anali pakamwa pomwepa, koma tsopano kupanda mipandoko ndiko kunawabweretsa. Mkuluyo ndinkamukumbukira bwino, wa chipewa chong'ambika, amene anakhala pautsi masiku atatu chifukwa cha amuna anga. Mayiyu anandimwetsa madzi ndi dzanja lake. Vaneti yawo inafera pageti panga, itanyamula nkhuni zanga. Ndikanayamba ndi liwu liti? Ndinayang'ana kutsidya kwa njira, nkhuku inali itakwera pabodi.

Ndinatsegula chitseko chakumbuyo n'kuyamba kutsitsa. Mayiyo anandithandiza, ndipo amanyamula bwino, sanaswe ndi limodzi lomwe. Mathileyi tinawasanja pabalaza, ena pampando wautali, ena pansi. Atafuna kuika ena pampando waung'ono ndinamuletsa. Tili mkati mosanja foni inalira. Anali mwini kantemba wa ku Chunga, amene anayamba kugula kwa ife tikadali pa wilibala. Ndinaiyang'ana mpaka inasiya yokha.

Tsopano papita zaka zitatu. Mwezi wina amagogoda kawiri, nthawi ya mvula mpaka kanayi. Ena amathira mafuta, ena amangothokoza. Tuntemba tanga tatsala tosakwana theka, ndipo masipuling'i akumbuyo ayamba kutsika. Ndikamadutsa ana a m'njira saitananso kuti amayi a mazira. Amathamangira kunyumba kukafunsa kuti wamwalira ndani.

Sabata yatha mwana wanga wamkazi anabwera kudzandiona. Ali ndi kamalonda kake ka buledi ku Chawama, ndipo wasunga zokwanira galimoto. Anakhala pampando wautali uja n'kundifunsa kuti agule iti, vaneti kapena yaing'ono. Ndinayamba kumuuza za masipuling'i, za mafuta, za madzi a dzinja, monga ndinauzira bambo ake. Ndili pakati, wina anagogoda pageti. Ndinadzuka n'kukatenga makiyi ndisanafunse n'komwe kuti ndani.